Ola Lodikira Bokosi Lisanatsekedwe

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu Atate, mwini usana ndi usiku, amene anaika dzuwa m'njira yake ndipo palibe munthu angalifulumizitse kapena kulichedwetsa. Ndikumuthokoza chifukwa cha Lamulungu lina lakumapeto kwa Okutobala, tsiku limene tinanyamula thupi la achimwene anga kuchoka ku Mchengautuwa kupita kwathu ku Zomba. Tsiku limenelo anatigwira dzanja pa kanthu kooneka kakang'ono, ndipo sindikufuna kuti kaiwalike.

Achimwene anabwera ku Mzuzu ali mnyamata, kudzagwira ntchito m'sitolo yogulitsa malata ndi simenti m'tauni. Anakwatira mkazi wakonkuno, Mtumbuka, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi. Ine ndinawatsatira patapita zaka, n'kupeza nyumba ku Chibanja komwe ndimasoka zovala mpaka lero. Mwanayo anakula akunditchula ankhazi, monga amatchulira mlongo wa bambo kuno kumpoto, ndipo dzinalo linandikanirira moti ngakhale kumpingo ena amandiitana choncho.

Pamene achimwene ankamwalira, mwana uja anali ku Mangalande, akugwira ntchito panyumba yosamalira okalamba. Kubwera sikukanatheka. Mapepala ake okhalira kumeneko anali m'manja mwa boma akukonzedwanso, ndipo anamuuza kuti akatuluka m'dzikomo asanatuluke mapepalawo, mwina sadzaloledwa kubwerera. Analira pafoni Lachisanu lonse. Kuntchito anamupatsa Lachisanu ndi Loweruka, koma Lamulungu panalibe womulowa m'malo, ndiye tsiku limene ife tinakonza zonyamuka.

Anatipempha chinthu chimodzi.

"Ankhazi, musatseke bokosi ndisanawaone adada. Sindikufuna chithunzi. Ndikufuna ndiwaone pa vidiyo, ndiwatsanzike ndi pakamwa panga ngati ndili pompo."

Kuntchito kwawoko salola kuyenda ndi foni. Akafika amaitsekera m'kabati, ndipo amaigwiranso pa nthawi yopuma basi. Bwana wake anamulonjeza theka la ola kuyambira 10 koloko m'mawa, nthawi ya kumeneko. Komanso akuluakulu a mbali zonse ziwiri anali atagwirizana kale kuti kuona nkhope kuchitikire ku Mzuzu kokha. Okutobala ndi wotentha, ulendo wodzera kunyanja ndi wautali, ndipo bokosi likatsekedwa kuno silikatsegulidwanso kumudzi. Choncho mwanayo anali ndi mpata umodzi wokha.

Amene ankayendetsa mwambo anali mchimwene wake wa mlamu wanga, amene tonse tinkangomutchula asibweni, kutanthauza amalume, potsatira mwana uja. Ndi munthu wa mu ofesi, wosamala, wosakonda zinthu zongoganizira. Loweruka masana anatulutsa foni yake pamaso pathu, natsegula pamene pamaonetsa nthawi za mayiko ena, natisonyeza.

"Mwaona? Kuno 3 koloko, kumeneko 2 koloko. Ife tili patsogolo ndi ola limodzi. Teni yake ndi leveni yathu. Kuona nkhope 11 koloko, hafu pasiti galimoto inyamuke."

Anamulembera mwanayo choncho, iye n'kuyankha kuti eya. Mlaliki anauzidwa, dalaivala wa lole imene abwana a achimwene anapereka anauzidwa, a kumudzi anauzidwanso. Foni yolandirira inasankhidwa yanga, popeza ndi imene ili ndi kamera yooneka bwino. Ndinaitchaja mpaka kudzaza ndi kugula bandulo yokwanira.

Lamulungu m'mawa ndinali pakati pa amayi kuseri kwa nyumba, kukonza chakudya cha anthu apaulendo ndi kulongedza katundu wa mlamu wanga, amene sankatha ngakhale kupinda chitenje chake. Amuna anali atapita kumochale kukatenga thupi. Foni inali m'chikwama. Nditaitulutsa, 9 koloko inali itadutsa, ndipo ndinapeza uthenga wa mawu wochokera kwa mwana uja. Ndinapita kuseri kwa bafa kuti ndimve bwino. Mawu ake anali osasa, kumbuyo kukumveka mphepo.

"Ankhazi, mwawuka uli? Kuno 6 koloko yangokwana, ndili pa siteji kudikira basi. Ndikalowa seveni, foni ndikaitsekera. Teni ikangokwana ndikuimbirani. Chonde, chonde, mundidikire."

Ndinamvera kawiri chifukwa ndinkafuna kumva mawu akewo basi. Kachiwiriko maso anga anagwera pa timanambala tapansi pa uthenga. Panalembedwa kuti wafika 8 koloko itangodutsa pang'ono.

Ndinawerenga ndi zala monga mwana wa sukulu. Sikisi, seveni, eyiti. Maola awiri. Ndinawerenganso. Awiri. Koma dzulo lake ndinaona ndi maso anga pa foni ya asibweni kuti ndi limodzi.

Ndinamuimbira pomwepo. Foni inalira mpaka kuduka yokha. Ndinalemba uthenga, sunawerengedwe. Ngati maola analidi awiri, kumeneko seveni inali itadutsa kale ndipo foniyo inali m'kabati.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kudandaula kwa achimwene. Mwanayo ankawaimbira Lamulungu lililonse madzulo, ndipo kawiri pachaka iwo ankabwera kwanga akupukusa mutu kuti azungu ayambanso kusewera ndi wotchi. Ankati nyengo yozizira ikamayandikira kumeneko, dziko lonse limabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo ikamatha amawakankhiranso kutsogolo. Ife kuno sitisintha. Ndinkangoseka, sindinkasunga kuti ndi mwezi uti. Munthu yekhayo m'banja mwathu amene ankazitsatira zimenezi ndi amene anthu anapita kukamutenga kumochale.

Lole inafika cha m'ma 10. Amayi a mpingo anayamba nyimbo, anthu anaimirira, bokosi linalowa m'nyumba. Ndinadikira kuti kulira koyamba kutsike, kenako ndinakagwada pafupi ndi mpando wa asibweni pansi pa tenti.

"Asibweni, pepani, tione kaye nthawi ija."

"Nthawi iti, ankhazi? Zonse zili m'malo."

Ndinawapatsa foni kuti amve okha. Anamvera ataitsamiritsa kukhutu, nkhope yosasintha.

"Iyi ndi netiweki," anatero. "Anatumiza seveni yathu, uthenga n'kuchedwa panjira. Mukuidziwa netiweki ya kuno."

"N'kutheka. Koma tayang'ananinso pa yanu paja munayang'ana dzulo."

"Dzulo munalipo, ankhazi. Kodi dziko lingasunthe usiku umodzi?"

"Dziko ayi. Koma achimwene ankati wotchi yawo imasuntha."

Anandiyang'ana kanthawi. Sanali munthu wamakani, anali wotopa chabe, ndipo anthu anali akumukoka mbali zonse. Anatulutsa foni, natsegula pamalo paja. Ndinaona chala chawo chitaima. Pamwamba panali nthawi yathu, 10 koloko ndi mphindi zingapo. Pansi, pa mzinda wa kumeneko, panali 8 koloko ndi mphindi zomwezo.

"A-a," anatero motsitsa. "Chasintha usiku."

Anafufuzanso pa intaneti kuti atsimikize, nandiwerengera pang'onopang'ono akumasulira. Mawotchi a kumeneko amabwerera m'mbuyo Lamulungu lomaliza la Okutobala, kusanache. Linali tsiku lomwelo. Loweruka iwo anawerenga zoona, ndipo mwanayo anavomera zoona za Loweruka. Foni yake inasintha yokha iye ali m'tulo kapena ali m'misozi, ndipo sanaganizeko za ife amene sitisintha.

Mkulu wina wa mpingo amene anakhala pafupi anali akumvetsera. Analowererapo mwamantha.

"Ngati abweza m'mbuyo, ndiye kuti aimba msanga. Teni yathu! Yadutsa kale, mwina waimba sitinamve!"

Ndinayang'ana foni, panalibe chosonyeza kuti wina anaimba. Asibweni anakweza dzanja.

"Ayi, tiyeni bwinobwino. Pano kwawo ndi eyiti, kwathu teni. Ikamakwana naini kwawo, kwathu leveni. Teni kwawo, kwathu thwelofu. Iwo abwerera, ndiye atalikira. Aimba mochedwa, osati msanga."

Ndinabwereza ndi zala zanga, mkulu uja anabwerezanso ndi zake. Tonse tinafika pa 12 koloko masana. Pa nthawi imeneyo, malinga ndi dongosolo, bokosi likanakhala litatsekedwa ndipo lole ili panjira yotsikira ku Nkhata Bay.

Asibweni anaitanitsa dalaivala. Anali bambo wamfupi wa ku Lilongwe, atavala kale jekete la paulendo, makiyi ali m'manja.

"Thwelofu? Ayi bwana, zimenezo ndiye ayi. Tinapangana hafu leveni. Ine ndikufuna ndikafike ku Salima kusanade. Msewu uja mukuudziwa, maenje ake ndi oti mbuzi ikhoza kubisalamo. Ndiye ndi maliro kumbuyo, ndi azimayi pamwamba, kutentha kumeneku?"

"Ndi mwana wa malemu," ndinatero.

"Mayi, ine ndikumva. Koma jambulani chithunzi mumutumizire. Anthu onse akuchita choncho masiku ano."

Amuna ena awiri a kwathu, amene anabwera kudzaperekeza thupi, anagwirizana naye. Anati kumudzi anthu asonkhana kale, adzukulu auzidwa, sitingasunge anthu mazana chifukwa cha foni. Wina anafunsanso funso limene linandilasa, chifukwa linali ndi nzeru.

"Nanga mukudziwa bwanji kuti aimba thwelofu? Iyeyo anavomera leveni yathu. Mwina wazindikira, wapempha abwana ake kuti apume naini. Tikadikira, leveni n'kudutsa, thwelofu n'kudutsa osaimba, mudzati chiyani?"

Chimene ndinali nacho chinali mawu a mwanayo akuti teni ikangokwana, basi. Asibweni anatembenuza foni m'manja. Kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba momwe munali mlongo wawo, ine pambuyo. Mlamu wanga anali atakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, atatsamira khoma. Anamufotokozera m'Chitumbuka, mwachidule. Iye sanatsegule n'komwe maso.

"Mwana wane wawone awiske," anatero. Mwana wanga aone bambo ake.

Titatuluka, asibweni anagamula. Kuona nkhope kuyamba 11 koloko monga tinalengezera, ndipo ine ndiime pafupi ndi foni kuti mwina angaimbe. Akapanda kuimba, bokosi lisatsekedwe. Mawu a mbali zonse, nkhata ndi ulaliki, zimene zikanayamba, zibwere pambuyo. Katundu ndi anthu apaulendo akwereretu kuti lole ingodikira bokosi lokha.

"Koma ankhazi," anandiuza pambali, "kota pasiti thwelofu ndikutseka. Kupitirira apo sindingawagwire anthuwa. Mundikhululukire."

"Yewo, asibweni," ndinathokoza m'Chitumbuka.

Dalaivala anachoka akung'ung'udza kuti akafika pakati pa usiku asadzamunene iye.

Bokosi analitulutsa pakhonde, natsegula mbali ya kumutu. Anthu anayamba kudutsa pamzere, amuna kaye, kenako amayi. Ine ndinaima kumutu, foni ili m'manja onse awiri, ndikuyang'ana achimwene kenako foni, achimwene kenako foni. Anali atavekedwa suti yawo yakuda imene ndinaibweza m'chiuno chaka chathachi atayamba kuonda. 11 koloko inakwana. Foni sinalire. Mzere unatha, foni sinalire.

Wina angaganize kuti pamenepo ndinapepukidwa, popeza kusaimbako kunkagwirizana ndi kuwerenga kwathu. Sizinali choncho. Kusaimba kumafanana, kaya munthu akudikira nthawi yake, kaya foni yake yatha moto, kaya bwana wasintha maganizo. Anthu amene sankadziwa nkhaniyi anayamba kunong'onezana, kudabwa kuti bokosi likusiyidwa lotsegula chifukwa chiyani. Mayi wina anabwera ndi chitenje kudzatchinga dzuwa limene linayamba kulowa pakhonde. Ndinamva wina kumbuyo akuti, "Achewa awa na vinthu vyawo," ndipo mnzake anamuletsa.

Mlaliki anali atauzidwa kuti atalikitse. Mulungu amudalitse bambo ameneyo, sanafunse zambiri. Koma ine sindinamve ulaliki wake. Ndinali ndi ulaliki wanga m'mtima. Ndinakumbukira mfumu ija ya Yuda imene inadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, Mulungu n'kuibwezera mthunzi m'mbuyo kuti chikhale chizindikiro. Ndinati, Ambuye, inu munabwezapo mthunzi chifukwa cha munthu mmodzi wolira. Lero anthu abweza wotchi yawo osatiuza. Sindikupempha kuti muimitse dzuwa, ndikupempha kuti mugwire mitima ya amuna awa ndi dzanja la dalaivala uyu. Ndinakumbukiranso mnyamata wa m'Baibulo uja anagulitsidwa ku Iguputo, amene atakhala zaka zambiri kudziko la eni analoledwa kugwa pankhope ya bambo ake atamwalira n'kuwalira. Ndinati, uyunso ali kudziko la eni, musamumane.

Ulaliki unatha nthawi isanakwane. Aliyense ankadziwa chotsatira. Anyamata onyamula bokosi anasuntha mapazi. Kumsewu dalaivala analiza injini. Mtsogoleri wa amayi a mpingo, mayi wamkulu wa ku Ekwendeni amene ndinamunong'oneza nkhaniyi, anangoyambitsa nyimbo ina, yaitali, ya mavesi ambiri. Itatha anayambitsa ina. Palibe amene angatseke bokosi amayi ali pakati pa nyimbo.

12 koloko inakwana. Ndinakweza foni m'mwamba pang'ono ngati kuti ndikuithandiza kugwira netiweki. Ndinayang'ananso pa nthawi za mayiko pa foni ya asibweni, amene anali ataima pambali panga tsopano. Kumeneko inali 10 koloko ndendende. Kuwerenga kunali kolondola. Koma foni inali duu.

Mmodzi wa amuna a kwathu aja anafika pafupi.

"Alongo, tayesetsa. Thwelofu ija ndi imeneyi."

"Mphindi zake sizinathe," anayankha asibweni m'malo mwanga, osamuyang'ana.

Ndinayesa kuimba ineyo. Inalira, inalira, osayankhidwa. Nyimbo inali kumapeto. Ndinaona mmisiri wa bokosi atatulutsa kale sikuludiraiva m'thumba. Asibweni anayang'ana wotchi yapamkono, nandiyang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti akufuna mawu oti andiuze.

Foni inanjenjemera m'manja mwanga.

Ndinalephera kuyankha koyamba, chala chinaterereka. Asibweni anandithandiza. Nkhope ya mwanayo inatulukira, ali mu yunifolomu yabuluu, m'kachipinda kopapatiza kodzaza makabati, akupuma mothamanga.

"Ankhazi! Pepani, gogo wina anagwa m'bafa, sindikanamusiya. Ndaona mauthenga anu pompano. Mayo ine, wotchi! Ndinaiwala za wotchi! Mwatseka? Mwanyamuka?"

"Sitinatseke, mwanangu. Ali pompano. Khazika mtima pansi."

Amayi anatsitsa nyimbo mpaka kungotsala kung'ung'uza. Ndinatembenuza kamera, ndinagwada, ndi kuibweretsa pafupi ndi nkhope ya achimwene. Asibweni anagwira chigongono changa kuti chithunzi chikhazikike. Kenako mawu ang'onoang'ono anatuluka m'foni, ndipo pakhonde ponse panamveka.

"Adada. Ndine. Ndafika, adada."

Zimene ananena pambuyo pake sindilemba, ndi za iye ndi bambo ake. Analankhula m'Chichewa, chinenero chimene ankalankhula nawo kunyumba, kenako anapempha amayi ake. Mlamu wanga anakwawa kufika pafupi, ndipo awiriwo analira pamodzi, wina pamphasa wina m'kachipinda kaja, bokosi lili pakati pawo. Kota pasiti inadutsa, asibweni sanayang'anenso wotchi. Injini kumsewu inali itazimitsidwa, sindikudziwa nthawi yanji.

Anali mwanayo amene anati, "Tsekani tsopano, asibweni. Ndawaona. Yewo chomene." Anapempha kuti ndisadule. Anaonerera mmisiri akumanga chivundikiro, anaonerera bokosi likukwezedwa m'lole, mpaka wina anagogoda pachitseko kumbali yake ndipo anati nthawi yake yatha.

Tinanyamuka 1 koloko itayandikira. Mdima unatipeza tisanafike ku Salima monga ananenera dalaivala, ndipo anayendetsa pang'onopang'ono, osatilankhula. Kumudzi tinapeza anthu atatopa, ena atabwerera kwawo, ndipo akuluakulu sanabise kukhumudwa kwawo. Ndinawapepesa mmodzimmodzi. Ena anamvetsa, ena mpaka lero amati ku Mzuzu tinasunga maliro padzuwa chifukwa cha foni. Sindikangana nawo. Achimwene tinawaika m'manda Lolemba, mwana wawo atawatsanzika.

Inu amene mwawerenga izi, makamaka amene muli ndi ana ndi abale kutali kumene dzuwa limatuluka pa nthawi ina, Ambuye akusungeni inu kuno ndi iwo kumeneko. Akupatseni anthu oleza mtima pa tsiku la chisoni chanu, ndipo mawu amene mukufuna kuuza okondedwa anu afike khomo lisanatsekedwe. Mtendere wa Yesu Khristu ukhale m'nyumba zanu, usana ndi usiku. Ameni.